Lekani kupha manambala ndi JPEG

Ndine msungichuma wa chilimba chathu, ndipo ndalema. Mwezi uliwonse munthu atumiza K500 pa foni, kenako aponya sikirinishoti pa gulupu ngati umboni. Ine ndikakulitsa kuti ndiwerenge nambala ya malipiro, 8 aoneka ngati 3, 6 ngati 5. Mwezi watha tinakangana masiku awiri ndi mnzanga wina, ati ndikumuyesa wakuba. Ndalama anatumizadi. Chinatipusitsa ndi JPEG.

JPEG inapangidwira zithunzi za kamera. Imadula chithunzi m'timabokosi ta mapikiselo 8 m'litali, 8 m'lifupi, n'kutaya tinthu ting'onoting'ono tomwe diso silingazindikire msanga. Pa nkhope ya ambuya anu kapena pa chitenge cha pa ukwati simudzaona kusiyana, chifukwa mitundu imasintha pang'onopang'ono. Koma chilembo chakuda pamalo oyera chili ndi m'mphepete wakuthwa, ndipo m'mphepetemo ndi momwe JPEG imaluma. Kulitsani chithunzi muyangane: mukaona utsi ndi timadontho tozungulira zilembo, ndi iyeyo. Mukachidula n'kuchisunganso, imalumanso kachiwiri.

PNG sitaya pikiselo ngakhale imodzi. Imafinya bwino malo amene mtundu umodzi wabwerezedwa, ndipo sikirinishoti ya mawu ndi yotero: malo oyera ambiri, zilembo zochepa. Nambala imatuluka monga inalili pa sikirini.

Ena adzati, “PNG imadya mabando.” Zoona, mukaiika pa chithunzi cha kamera. Pamenepo pafupifupi pikiselo iliyonse ndi yosiyana ndi inzake, PNG isowa chofinya, fayilo imakula kangapo popanda phindu lomwe diso lingaone. Zithunzi za pa phwando zisiyeni mu JPEG. Koma sikirinishoti ya meseji imodzi, mutadula zosafunika, ndi kafayilo kakang'ono. Tokotaimu yomwe tinatha pokangana inaposa pamenepo kutali.

Manje chitani izi. Yanganani dzina la fayilo ngati lithera ndi .png kapena .jpg, chifukwa mafoni ena, monga a Samsung, amatha kusunga sikirinishoti mu JPG, ndipo mungasinthe mu Settings. Chachiwiri, WhatsApp imafinya chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse, ngakhale chinali PNG yoyera bwino. Dinani pomatira fayilo, musankhe Document, chidzafika chosakhudzidwa. Ndipo musadzinamize potembenuza JPEG yofufuma kukhala PNG. Zomwe zinatayika sizibwerera, mungosunga utsi womwewo mu fayilo yaikulu. Bwererani ku meseji, mujambulenso.

Kuyambira mwezi uno, pa chilimba chathu risiti yosawerengeka sindiilemba m'buku. Nkhope zanu zitumizeni mu JPEG mmene mufunira, koma nambala ya ndalama ibwere mu PNG, ngati Document.