Peresenti yokoma si phindu: boti kapena zipinda za alendo ku Senga Bay

Munthu amene ali ndi mpamba umodzi koma mabizinesi omukopa awiri ali ndi miyeso iwiri yodziwika yomuthandiza kusankha. Akatswiri a zachuma amaitchula mwachidule kuti NPV ndi IRR, ndipo ndi mmene imalembedwera pakompyuta. Chokhumudwitsa n'chakuti mapulani ambiri a bizinesi omwe anthu amapita nawo kukapempha ngongole amaonetsa IRR yokha, itadindidwa ndi zilembo zikuluzikulu patsamba loyamba, pomwe NPV ili kumapeto kapena palibiretu. Chifukwa chake n'chosabisika: peresenti imakoma m'khutu. Munthu akamva kuti bizinesi ibweza 53 peresenti samafunsanso kuti peresentiyo ndi ya ndalama zingati.

Miyeso yonse iwiri imachokera pa mfundo imodzi, yakuti kwacha ya lero imaposa kwacha ya chaka chamawa. Ndalama imene ili m'manja lero ikhoza kubwereketsedwa n'kubala chiwongoladzanja, pomwe imene idzabwere mtsogolo imangodikiridwa. M'Malawi mfundoyi sifuna kufotokozera kwambiri. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 Banki Yaikulu ya Malawi idakweza chiwongoladzanja chomwe mabanki amatengerako ndalama kufika pa 26 peresenti. Choncho wochita bizinesi amene akufuna kuti mpamba wake uzibala 30 peresenti pachaka sakuchita dyera. Pa mlingo umenewu, K1,300 yodzalandira chaka chamawa ndi yofanana ndi K1,000 ya lero, ndipo K1,690 ya zaka ziwiri kutsogolo ndi K1,000 yomweyo.

Chitsanzo chongoyerekeza chikhale cha wamalonda wa ku Senga Bay amene ali ndi K40 miliyoni. Njira yoyamba ndi kugula boti la injini la K10 miliyoni loti lizinyamula alendo opita kuchilumba cha Namalenje. Akachotsa mafuta, malipiro a woyendetsa ndi zokonzetsera injini, akuyembekeza kutsala ndi K6 miliyoni chaka chilichonse kwa zaka zisanu, kenako boti ndi injini zidzakhala zitatha ntchito. Njira yachiwiri ndi kumanga zipinda zogona alendo pafupi ndi gombe, ndipo zimenezi zikufuna K40 miliyoni yonse. Zipindazo zizimusiyira K16 miliyoni pachaka, ndipo pakutha pa chaka chachisanu akuganiza kuti angadzazigulitse pa K40 miliyoni. Popeza zipinda zikudya mpamba wonse, sangachite zonse ziwiri.

NPV imapezeka pobweza ndalama ya chaka chilichonse ku mtengo wake wa lero, kuphatikiza zonse, n'kuchotsapo mpamba. Pa mlingo wa 30 peresenti uja, ndalama ya chaka choyamba imagawidwa ndi 1.3, ya chaka chachiwiri ndi 1.69, ya chachitatu ndi 2.197, ndipo zimapitirira choncho, chaka chilichonse chogawiracho chikuchulukitsidwanso ndi 1.3. Pa boti, K6 miliyoni ya chaka choyamba imasanduka K4.62 miliyoni, ya chachiwiri K3.55 miliyoni, kenako K2.73 miliyoni, K2.10 miliyoni, ndipo ya chaka chachisanu imatsika kufika pa K1.62 miliyoni. Zonse pamodzi ndi pafupifupi K14.6 miliyoni, ndipo mpamba ukachotsedwa patsala K4.6 miliyoni. Imeneyo ndiye NPV ya boti. Tanthauzo lake n'lakuti botilo likubweza mpamba, likulipira 30 peresenti imene mwiniwake amafuna, n'kumuwonjezeranso K4.6 miliyoni ya lero.

Zipinda zikawerengedwa mofananamo, ndalama zonse zazaka zisanu, kuphatikizapo yogulitsira, zimakwana K49.7 miliyoni ya lero. Kuchotsa K40 miliyoni, NPV yake ndi K9.7 miliyoni, yoposa kawiri ya boti.

IRR imafunsa funso lina. M'malo mosankha mlingo n'kuwerenga phindu, imafufuza mlingo wa chiwongoladzanja umene ungachititse kuti NPV ithere pa ziro. Pa zipinda yankho ndi losavuta: K40 miliyoni ikubala K16 miliyoni pachaka ndipo mpamba ukubwerera wonse pomaliza, ndiye kuti IRR ndi 40 peresenti. Pa boti yankho limapezeka poyesa milingo yosiyanasiyana mpaka ndalama zazaka zisanu zija zitafanana ndi K10 miliyoni, ndipo zimafanana pa 53 peresenti kapena pansi pang'ono. Pulogalamu ya Excel imachita zonsezi nthawi yomweyo. Mpamba ukalembedwa mu B1 ngati nambala yochotsera, ndalama za chaka chilichonse n'kulembedwa kuyambira B2 mpaka B6, zolemba zake ndi izi:

```
=NPV(0.3,B2:B6)+B1
=IRR(B1:B6)
```

Apa pali msampha umene umakola ambiri. Mpamba suyenera kulowa m'kati mwa `NPV`, chifukwa Excel imatenga nambala yoyamba ngati ndalama ya kumapeto kwa chaka choyamba n'kuigawa ndi 1.3, pomwe mpamba ukutuluka lero. Amene walemba `=NPV(0.3,B1:B6)` amapeza K3.5 miliyoni pa boti m'malo mwa K4.6 miliyoni.

Tsopano miyeso iwiri yasemphana. IRR ikuloza boti, 53 peresenti motsutsana ndi 40, pomwe NPV ikuloza zipinda, K9.7 miliyoni motsutsana ndi K4.6 miliyoni. Olemba mapulani ambiri amatsata peresenti yaikuluyo, ndipo apa mpamene akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Peresenti ya boti ndi yoona, koma ikubala pa K10 miliyoni yokha. Wamalondayu ali ndi K40 miliyoni, ndipo funso limene pulani yokometsedwa simafunsa ndi lakuti K30 miliyoni yotsalayo ikagwira ntchito yanji.

Njira yothetsera mkanganowu ndi kuwerenga kusiyana kwa mabizinesi awiriwo ngati kuti ndi bizinesi payokha. Kusankha zipinda m'malo mwa boti kukutanthauza kulowetsa K30 miliyoni yowonjezera, yomwe izibweretsa K10 miliyoni yowonjezera pachaka ndiponso K40 miliyoni pomaliza. IRR ya kusiyanaku ndi pafupifupi 37 peresenti. Ngati wamalondayu agula boti, K30 miliyoni yotsala ikabala 30 peresenti kwina. Ngati amanga zipinda, ndalama yomweyo ibala 37 peresenti. Ndiye kuti IRR, ikagwiritsidwa ntchito moyenera, ikugwirizana ndi NPV kuti zipinda zikuposa. Katswiri wa ku Amerika, Irving Fisher, adafotokoza mlingo wodutsanirana umenewu m'buku lake la 1930 lonena za chiwongoladzanja, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti patatha zaka zoposa makumi asanu ndi anayi mapulani akulembedwabe ngati nkhaniyi sinamvekepo.

Mlingo wa 37 peresentiwu ulinso ndi ntchito yachiwiri: ukusonyeza pamene chisankho chimatembenukira. Mtengo wa mpamba ukakhala pansi pake, zipinda zikupambana, ndipo ukakhala pamwamba pake, boti likupambana. Wamalonda amene ndalama yake ndi yangongole yodula, ya 40 peresenti, apeza kuti NPV ya zipinda yathera pa ziro pomwe ya boti ikadali K2.2 miliyoni. Zili choncho chifukwa gawo lalikulu la phindu la zipinda likubwera mochedwa, m'chaka chachisanu, ndipo chiwongoladzanja chikakwera, ndalama yakutali ndi imene imapepuka kwambiri. Boti limabweza mpamba wake chaka chachiwiri chisanathe. Anthu awiri okhala pagombe limodzi akhoza kusankha mosiyana, onse n'kukhala olondola, ngati wina akugwiritsa ntchito ndalama yake ndipo wina ya katapila.

Izi sizikutanthauza kuti NPV ndi yosalakwa. Imangobweza zimene yapatsidwa, ndipo nambala yofooka kwambiri m'chitsanzochi ndi K40 miliyoni yogulitsira zipinda. Mu 2024 madzi a Nyanja ya Malawi adakwera kwambiri n'kumiza malo ena ogona alendo m'mphepete mwa nyanja. Nyumba yomangidwa pafupi kwambiri ndi madzi, kapena pamalo a mfumu opanda mapepala a lizi, siingagulidwe pa mtengo umene mwiniwake akulota. Zipindazo zikadzagulidwa pa K20 miliyoni yokha, NPV yake imatsika kufika pa K4.4 miliyoni, kutsika pang'ono kuposa ya boti. Nambala imodzi yasintha yankho lonse. Pachifukwa ichi pulani yabwino imawerengedwa kangapo, nambala zokayikitsa zikusinthidwa imodziimodzi kuti zioneke zimene zikunyamula chisankho.

Boti nalo lili ndi pofooka pake. K6 miliyoni pachaka iyenera kukhala yowerengedwa mwezi ndi mwezi, osati kutenga ndalama ya pa Khirisimasi kapena pa Pasaka, pamene anthu a ku Lilongwe amadzaza gombe, n'kuichulukitsa kakhumi ndi kawiri. M'miyezi yachisanu mphepo ya mwera imaomba mwamphamvu, ndipo pali masiku ambiri amene boti laling'ono silingatuluke. Zipangizo za injini zimachokera kunja, choncho kwacha ikagwa mtengo wake umakwera msanga kuposa mtengo umene mlendo angalole kulipira.

Cholakwa china chofala ndi kusakaniza mitundu iwiri ya kwacha. Mlingo wa 30 peresenti uli kale ndi kukwera mitengo kwa zinthu m'kati mwake, ndiye ndalama zazaka zamtsogolo ziyenera kulembedwa pamitengo ya zaka zimenezo, chipinda chikulipitsidwa monga chidzalipitsidwire panthawiyo. Amene walemba mitengo ya lero pazaka zonse zisanu n'kuzigawa ndi mlingo umenewu wapeputsa bizinesi yake, makamaka ija yobweza mochedwa. Chimodzimodzi, zolowa m'mawerengerowa ndi ndalama zenizeni zolowa ndi zotuluka, msonkho utachotsedwa kale. Ndalama imene idapita kale, monga yolipira wojambula mapulani a nyumba chaka chatha, siiwerengedwa, chifukwa siibwerera kaya munthu asankhe boti kapena zipinda. Chiwongoladzanja cha ngongole nacho sichichotsedwa pa ndalama za chaka chilichonse, popeza mlingo wogawira uja waimira kale mtengo wa mpamba, ndipo kuchichotsanso n'kulipira kawiri.

Dongosolo lake, tsono, ndi ili. IRR imayankha bwino ngati bizinesi imodzi ikubweza kuposa mtengo wa mpamba, ndipo imasonyeza kuti chiwongoladzanja chingakwere kufika pati bizinesiyo isanayambe kuluza. Koma pamene mabizinesi awiri akusiyana kukula kapena nthawi yobwezera, ndipo munthu ayenera kusankha imodzi, woweruza ndi NPV, yotsimikiziridwa ndi IRR ya kusiyana kwawo. Kwa wamalonda wa ku Senga Bay uja, zipinda ndi zoyenera ngati mpamba wake ukumudyera pansi pa 37 peresenti ndipo malowo ali ndi lizi komanso ali patali ndi pamene madzi amafika. Chimodzi mwa zimenezi chikasowa, boti ndilo chisankho chanzeru, ndipo K30 miliyoni yotsala aifunire pena pomwe ingabale.