LIWU LIMODZI, LEMBO LIMODZI: ALIFABETI SI YA ALENDO

Pali anthu ena ophunzira amene akaona dzina la Msomali litalembedwa kuti Xasan kapena Cali amagwa ndi phwete. Amati kalembedwe kotereka nkopotoka, chifukwa aliyense amadziwa kuti maina amenewa ndi Hassan ndi Ali. Ine ndikuti opotoka ndi maganizo awowo. Amene akuti “aliyense” akutanthauza munthu wowerenga Chingerezi, ngati kuti chiyankhulo cha eni chimalembedwa pofuna kusangalatsa wodutsa m’njira. Pokonza alifabeti ya chiyankhulo chimene chilibe kalembedwe kokhazikika, lamulo loyamba ndi lakuti liwu lililonse losiyanitsa matanthauzo likhale ndi lembo lakelake, ndipo lembolo lisamasinthesinthe. Kaya mlendo apunthwa nalo, zimenezo ndi zake. Paja akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wotsala ndi alifabetiyo ndi mwini chiyankhulo pamodzi ndi ana ake.

Nkhani ya Asomali ndi imene imandilimbitsa mtima pa mfundoyi. Dziko la Somaliya lidalandira ufulu m’chaka cha 1960 anthu ake pafupifupi onse akumvana m’chiyankhulo chimodzi, koma ntchito za boma zinkalembedwa m’Chitaliyana, m’Chingerezi ndi m’Chiarabu. Kwa zaka 12 anthu adakangana. Ena ankafuna malembo a Chiarabu chifukwa cha chipembedzo, ena malembo a Osmanya amene Osman Yusuf Kenadid adapeka cha m’ma 1920, ndipo ena malembo a Chilatini, omwe ndi ano ndikulemberawa. Ngakhale bungwe la UNESCO lidatumizako akatswiri atatu mu 1966, mkangano sudathe. Udatha pa 21 Okutobala 1972 pamene boma la Siad Barre lidalengeza kuti Chisomali chizilembedwa ndi malembo a Chilatini, motsatira makamaka kalembedwe ka Shire Jama Ahmed. Sindikuyamikira ulamuliro wa mfuti umene udadula mlanduwo. Chimene ndikuyamikira ndi nzeru imene ili m’kati mwa alifabetiyo.

Ntchito yotere siyambira pa malembo, imayambira pa khutu. Munthu amasonkhanitsa mawu ambirimbiri kuchokera m’kamwa mwa eni chiyankhulo, kenaka nkufunafuna mawu awiriawiri ofanana ponseponse kupatula pa liwu limodzi. Ngati kusintha liwu limenelo kwasintha tanthauzo, ndiye kuti maliwu awiriwo ndi osiyanadi, ndipo lililonse liyenera kupatsidwa lembo lake. Liwu lotere akatswiri amalitcha fonimu. Ife a Chichewa tili nazo zitsanzo pakhomo pomwe: kama si khama, pala si phala, ndipo ngoma ya m’thengo si ng’oma ya pabwalo la gule.

M’Chisomali, hor ndi kutsogolo pamene xor ndi mfulu. Mawu oyambawo ali ndi kampweya kofewa ngati ka h wathu wa mu hema, pamene achiwiriwo ali ndi mpweya wotuluka pakhosi pofinyidwa. Dab ndi moto, koma dhab ndi zoona, ndipo liwu loyamba la dhab limatchulidwa nsonga ya lilime itapindikira m’mbuyo. Dab yemweyo mukamutalikitsa pakati nkunena kuti daab, mwatchula mpini. Mawu asanuwa atiuza kale zinthu zitatu: pakufunika malembo awiri osiyana a maliwu a mpweya, awiri osiyana a maliwu onga d, ndiponso njira yoonetsera liwu lalitali.

Apa mpamene ambiri amagwera m’mbuna. Munthu wophunzira Chingerezi akamva liwu limene m’Chingerezi mulibe, amalilemba ndi lembo loyandikana nalo. Motero hor ndi xor onse amasanduka hor, ndipo mfulu imangokhala kutsogolo. Asomali sadatero. Adaona kuti m’malembo a Chilatini muli ena amene akungokhala opanda ntchito m’chiyankhulo chawo, ndipo adawalemba ganyu yatsopano. Lembo la x adalipatsa liwu la pakhosi lija. Lembo la c adalipatsa mnzake wa liwulo, amene amatuluka pamalo pomwepo koma kholingo likunjenjemera; ndiye amene amayamba dzina la Cali. Lembo la q adalipatsa k wa kumbuyo kwenikweni kwa m’kamwa, monga mu Muqdisho. Kachizindikiro kamene ife timaika pa ng’ iwo adakapatsa liwu lodukiza mpweya pakhosi, monga mu lo’, kutanthauza ng’ombe. Liwu lalitali amangolilemba kawiri: aa, ee, ii, oo, uu. Malembo a p, v ndi z adawasiya, poti maliwu ake kulibe.

Taonani phindu lake. Alifabeti yonseyo inkatheka kutayipidwa pa makina otayipira amene adali kale m’maofesi, osagula ena, ndipo lero imalembeka pa foni iliyonse. Malembo a Osmanya akadafuna makina atsopano. Malembo a Chiarabu nawo adali ndi vuto lina: m’kalembedwe ka masiku onse maliwu aafupi onga a, i ndi u salembedwa, pamene Chisomali chimadalira kwambiri maliwu amenewa, kuphatikizapo e ndi o. Kunyadira mtundu nkwabwino, chipembedzonso nchofunika, koma mwana wa sitandade 1 amawerenga chimene chili papepala, osati chimene chili mumtima mwa wolemba.

Wina anditsutsa kuti dh, kh ndi sh ndi malembo awiriawiri, nanga lamulo la lembo limodzi lapita kuti? Yankho langa nlakuti chofunika si kuwerenga timizere ta inki koma kusasintha. Ngati dh akuimira liwu limodzi lomwelo paliponse pamene wapezeka, ndiye kuti ndi lembo limodzi lovala malaya awiri. Choyenera kusamala nchakuti d ndi h asamakumanekumane m’mawu aliyense akuimira liwu lakelake, chifukwa wowerenga sangadziwe pogawa. Chimene chimazunza ana m’Chingerezi si malembo ophatikiza, koma kuti c yemweyo pena ndi k, pena ndi s.

Mbuna yachiwiri ndi ya anthu a khutu lakuthwa, amene amafuna kulemba kalikonse kamene amva. M’Chisomali, b, d ndi g akakhala pakati pa maliwu onga a ndi i amafewa, moti mlendo angaganize kuti ndi maliwu ena. Koma kufewako sikusintha tanthauzo la mawu alionse, ndipo mwini chiyankhulo amakuchita osaganizira nkomwe. Choncho lembo lidatsala limodzi. Ife pano tidachita mosiyana ndi l ndi r. M’Chichewa palibe mawu awiri amene amasiyana tanthauzo chifukwa chakuti ena ali ndi l, ena r. Komabe malamulo a kalembedwe adatiuza kuti tizilemba r patsogolo pa i ndi e, monga mu kulira ndi mbereko, ndipo l pena paliponse. Zotsatira zake nzoonekeratu: werengani zikwangwani za m’misika ndi makalata a kumudzi, muona malembo awiriwa akusinthanitsidwa tsiku ndi tsiku. Anthuwo si mbuli. Khutu lawo likuwauza zoona, kuti liwulo ndi limodzi. Lamulo ndilo lidawapatsa katundu wosafunika.

Sindikunena kuti alifabeti ya Chisomali ilibe chilema. Mawu akuti inan angatanthauze mnyamata kapena mtsikana, malinga ndi pamene mwakwezera liwu: poyamba kwa mnyamata, kumapeto kwa mtsikana. Papepala kusiyanaku sikuoneka, monga momwe mtengo wa m’nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwera mofanana kwa ife. Komanso lililonse la malembo a, e, i, o, u limaimira maliwu awiri oyandikana, moti duul angakhale kuuluka kapena kuthira nkhondo. Apa lamulo lidapindidwa, ndipo otsutsa anga amalumphira pomwepo nkumati ngati lapindika kamodzi ndiye kuti nlachabe.

Ayi ndithu. Kusiya chinthu mutachiyeza nkosiyana ndi kuchisiya chifukwa simudachimve. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: kodi mawu amene asokonekere ndi angati, ndipo kodi chiganizo chiwamasula? Pa inan chiganizo chimathandiza msanga, chifukwa mnyamata wodziwika ndi inanka pamene mtsikana wodziwika ndi inanta. Koma mukadachotsa x ndi c, kapena kusiya kulemba maliwu aatali, mukadasokoneza mawu osawerengeka, pafupifupi pa mzere uliwonse. Chikhalirecho, mwini chiyankhulo angapirire kusowa kwa chizindikiro cha kukweza liwu, koma wophunzira chiyankhulocho amalipira mtengo wake, ndipo okonza alifabeti ayenera kuvomereza poyera kuti mtengowo ulipo.

Kuli vuto linanso limene lembo palokha silingathetse: kusiyana kwa kayankhulidwe ka zigawo. Kumpoto kwa dziko la Asomali mtsikana ndi gabadh, kummwera ndi gabar, ndipo onse awiri amapezeka m’zolembedwa. Ili si vuto la alifabeti, poti aliyense akulemba molondola chimene akunena. Kusankha kalembedwe kamodzi ka mawu otere ndi ntchito ina, yofuna kukhalirana pansi, ndipo isasokonezedwe ndi ntchito yogawa malembo.

Nanga tingadziwe bwanji kuti alifabeti yakhoza? Osati poifunsa komiti imene yaikonza. Itengereni kwa eni. Yitanani anthu khumi amene angoiphunzira, muwatchulire mawu makumi awiri kuti alembe. Pamene onse alemba mofanana, lembo lakhazikika. Pamene agawanika pakati pa malembo awiri, mwina mwapereka malembo awiri ku liwu limodzi. Kenaka apatseni nkhani kuti awerenge mokweza. Wowerenga akafika kumapeto kwa chiganizo nkubwereranso kukakonza mawu amene anawatchula poyamba, dziwani kuti pamenepo lembo limodzi lasenza maliwu awiri. Alifabeti ya Asomali idayesedwa pa mtundu wonse mu 1974 ndi 1975, pamene ana a sukulu adatumizidwa kumidzi kukaphunzitsa alimi ndi abusa a ngamila kuwerenga. Boma limene lidailengeza lidagwa mu 1991, koma Asomali akulembabe nayo, kwawo ndi kunja komwe.

Kuno kwathu ziyankhulo zina, monga za m’mapiri a ku Chitipa, zili ndi mabuku ochepa kwambiri, ndipo amene adzazilembe adzayesedwa kungozivala malaya a Chichewa. Achenjere. Chichewa chilibe mwambo wosiyanitsa liwu lalitali ndi lalifupi polemba, pamene mnansi wathu Chiyao amasiyanitsa nako matanthauzo. Kukakamiza chiyankhulo chotere kuti chitsate Chichewa nchimodzimodzi kukakamiza Xasan kuti akhale Hassan. Pamene maliwu afanana, tibwerekane malembo kuti mwana asavutike posamuka kuchoka ku chiyankhulo china kupita ku chinzake. Pamene asiyana, mwini chiyankhulo apatsidwe lembo lake, ndipo ife alendo tiphunzire kulitchula.