Setilaiti inamuona Freddy kudakali mwezi wathunthu

Tsiku lina ndikudikira kumeta pa kashopu kena ku Chinyonga kuno, kunagwa chimvula ndipo netiweki inathawa. Mnyamata wina amene amafuna kutumiza ndalama anaikweza foni m'mwamba, kuigwedeza, kenako n'kugamula mlandu: "Basi man, setilaiti yaphimbika ndi mitambo." Tonse tinangovomera, ine ndemwe. Koma mlanduwo unagamulidwa molakwika, ndipo kulakwitsa kumeneku si kwa iye yekha. Ambirife timaganiza kuti chilichonse chochitika m'foni chimatsika kumwamba. Ndikufuna ndinene kuti kusadziwa zimene setilaiti imachita ndi zimene sichita kumatipweteka, makamaka dzinja likavuta. Amene tinali mu Blantyre mu Malichi 2023 tikudziwa kuti kuvuta kwake kumafika pati.

Namondwe wa Freddy sanatidzidzimutse ngati mbava. Anabadwira kutali, panyanja ya pakati pa Australia ndi Indonesia, kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Anawoloka nyanja yonse ya Indian, n'kuwomba Madagascar pa 21 Febuluwale, n'kulowa mu Mozambique pa 24 Febuluwale. Kenako anachita zimene anamondwe ambiri sachita: anabwerera kunyanja, n'kukatenganso mphamvu, n'kudzalowanso pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Mawa lake ndi mkuja wake mvula inali pa ife. Bungwe la zanyengo padziko lonse la WMO linadzatsimikiza kuti Freddy anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. Ulendo wonsewu unkaoneka tsiku ndi tsiku, ola ndi ola, chifukwa cha masetilaiti a zanyengo.

Amene amayang'anira chigawo chathu chino amatchedwa Meteosat, a bungwe la ku Ulaya la EUMETSAT. Amakhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, molunjika pakatikati pa dziko. Pamtunda umenewo setilaiti imazungulira dziko kamodzi pa tsiku, liwiro lofanana ndi mmene dziko limadzizungulirira lokha, ndiye kwa ife pansi imaoneka ngati yangoima malo amodzi. Umboni wake muli nawo pamadenga: masetilaiti a kanema amakhalanso pamzere womwewo, n'chifukwa chake dishi akaikhoma saisunthanso. Kayang'aneni madishi a mu Chinyonga kapena ku Zingwangwa. Ena aloza kumpoto, ena chakum'mawa, koma loloza kummwera simulipeza.

Nthawi ya Freddy, Meteosat inkajambula mbali yonse ya dziko lino mphindi 15 zilizonse. Usiku sidalira kuwala, imayeza kutentha. Mtambo ukamakwera kwambiri nsonga yake imazizira kwambiri, ndipo mitambo ya namondwe imafika pozizira kuposa madigiri 70 pansi pa ziro. Katswiri akaona kuzizira koteroko kutazungulira diso la namondwe amadziwa kuti mphepo ndi yaukali. Akasanja zithunzi motsatizana amaona komwe ukulowera ndi liwiro lake. Likulu loona za anamondwe m'chigawo chino lili pa chilumba cha Réunion, ndipo Nthambi yoona Zanyengo ya kwathu kuno, yomwe likulu lake lili mu Blantyre momwemuno, imagwiritsa ntchito zithunzi ndi malipoti otere polemba machenjezo. Machenjezo a Freddy anatuluka. Unduna wa zamaphunziro unaimitsa sukulu m'maboma akummwera.

Komabe anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno, ena mwa iwo ku Chilobwe ndi madera ena a m'mphepete mwa phiri la Soche, phiri lomwe ife a ku Chinyonga timaliona m'mawa uliwonse tikatsegula chitseko. Apa ndi pomwe tiyenera kumvetsa malire a diso lakumwambali. Setilaiti imaona pamwamba pa mtambo, siona pansi pake. Kadontho kamodzi pa chithunzi cha kutentha kamaimira malo a makilomita atatu m'litali ndi atatu m'lifupi kapena kuposerapo, kutanthauza kuti Chinyonga yense ndi oyandikana naye amalowa m'kadontho kamodzi. Singakuuzeni kuti dothi la m'phiri lamwa madzi mpaka lalekana ndi thanthwe, kapena kuti ngalande ya kuseri kwa nyumba yanu yatsekeka ndi zinyalala. Imanena kuti kukubwera chimvula cha masiku angapo kummwera kwa Malawi. Kumasulira zimenezo kuti "inu okhala pansi pa mwala uwo samukani lero" ndi ntchito ya anthu: oyeza mvula pansi, a khonsolo, mafumu a m'mataunishipi, ndi ife eni ake.

N'chifukwa chake kapu ya zanyengo ya m'foni mwanu, ija imaonetsa kamtambo ndi "60%", ine sindiiika patsogolo. Nthawi zambiri nambalayo imachokera ku makompyuta akunja owerengera nyengo ya dziko lonse, palibe munthu wodziwa Ndirande kapena Soche amene waiunika. Pofuna kudziwa ngati mutenge ambulera, n'zothandiza. Koma kukamveka za namondwe, tsatani chenjezo la nthambi ya zanyengo, ndipo muone tsiku ndi ola limene lalembedwa. Pa WhatsApp pamazungulira zithunzi za namondwe wa chaka china ngati za lero.

Tsopano tibwerere kwa mnyamata wa pometera uja. Mukaimba foni kapena kutumiza ndalama, uthenga wanu supita kumwamba ayi. Umapita pa nsanja ya netiweki imene ili pafupi, mwina mtunda woti mutha kuyenda pansi. Kuchoka apo umadutsa m'zingwe zokwiriridwa pansi kapena kudumpha nsanja ndi nsanja. Ngati ukupita kunja kwa dziko, zingwezo zimakalumikizana ndi zina za pansi pa nyanja kudzera ku Tanzania kapena ku Mozambique. Kale, makolo athu akamaimba kunja, mawu ankadzeradi pa setilaiti kudzera pa chidishi chachikulu cha pa Kanjedza, apa pomwepa moyandikana nafe. Masiku ano katundu wambiri amayenda m'zingwe chifukwa zimanyamula zambiri, mwachangu komanso motchipa.

Ndiye netiweki ikathawa kukugwa mvula, kawirikawiri wolakwa ali pansi pano. Magetsi azima, mabatire a pa nsanja atha, jenereta ilibe mafuta chifukwa msewu waduka, kapena madzi akokolola chingwe. Nthawi ya Freddy makina opangira magetsi pa mtsinje wa Shire anaimitsidwa chifukwa cha madzi ndi zinyalala, ndipo madera ambiri anakhala mumdima masiku angapo. Ine foni yanga inazima tsiku lachiwiri, ndipo ngakhale isanazime kuimba kunali kwa mwayi. Kumwamba Meteosat inkajambulabe mphindi 15 zilizonse, koma uthenga wake unalibe njira yofikira m'manja mwanga. Chimene mitambo imaphimbadi ndi dishi ya kanema: madontho a mvula yamphamvu amameza mafunde ochoka pa setilaiti, n'chifukwa chake mpira umaduka pa mphindi yomwe peneti ikumenyedwa.

Inde, kuli masetilaiti a intaneti. Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023. Ake amauluka pafupi, pamtunda wa makilomita ngati 550, ndipo ndi ambirimbiri chifukwa iliyonse imangodutsa mphindi zochepa n'kusiyira inzake. Koma pamafunika kadishi kake, magetsi, ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi yomwe wa kabaza sangaiganizire. Foni wamba ya m'thumba imadalirabe nsanja.

Pali chinthu chimodzi chokha m'foni mwanu chimene chimamva mawu a setilaiti mwachindunji, ndicho GPS. Masetilaiti ake, omwe ndi a dziko la America, alipo pafupifupi 30 pamtunda wa makilomita ngati 20,000. Iliyonse imangolengeza mosalekeza kuti "ndili pakuti, nthawi ndi yakuti". Foni imamvetsera, n'kuyeza kuti uthengawo wachedwa bwanji panjira, n'kupeza mtunda. Ikamva masetilaiti osachepera anayi imawerengera pomwe mwaima. Mafundewo amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, ndiye nthawi ikangophonyeka ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, kadontho kanu kamasuntha mamita 300. Ndi chifukwa chake masetilaitiwo amanyamula mawotchi olondola modabwitsa.

Zindikirani kuti foni imangomvetsera, siyankha. Setilaiti ya GPS sikudziwani, ndipo sidya bandulo yanu. Chimene chimadya bandulo ndi mapu, kutanthauza misewu ndi maina zimene foni imakoka pa intaneti. Mukasunga mapu a Blantyre m'foni kudakali netiweki, pa Google Maps podina "Offline maps", kadontho kabuluu kamayendabe nanu ngakhale nsanja zonse zitagona. Mukadina n'kugwira pamalo pomwe mwaima pamatuluka manambala awiri, a kuno amayamba ndi -15 ndi 35. Manambala amenewo amakwana mu SMS imodzi, ndipo netiweki ikamabwera mwa apo ndi apo SMS imatha kudutsa pomwe WhatsApp yakanika. M'taunishipi momwe adiresi ndi "mukafika pa chigayo mukhotere kumanzere", ndipo chigayocho chapita ndi madzi, zimenezi si zachibwana.

Nayonso GPS ili ndi pofooka pake. Uthenga wake umafika wofooka kwambiri, ndiye pansi pa denga la malata kapena m'kanjira kopanikizika ndi mipanda foni imamva masetilaiti ochepa, n'kuyamba kungoyerekeza potengera nsanja zapafupi. Mudzazindikira poona chibwalo chachikulu chotuwa mozungulira kadontho kaja: chikakula, foni ikukuuzani kuti ikukaika. Tulukani panja, dikirani mphindi imodzi chichepe, kenako tumizani. Wa njinga amene munamutukwana kuti wasochera mwina anapita ndendende pomwe inu munamutumizira muli kuchipinda.

Maganizo anga ndi akuti kumwamba kulibe vuto lalikulu. Zithunzi zilipo, akatswiri owerenga zithunzizo tili nawo. Pomwe pakufunika kukonza ndi pakati pa ofesi ya zanyengo ndi khomo la munthu. Chenjezo la namondwe lifike pa SMS m'Chichewa, kwaulere, pa foni iliyonse ya m'dera lokhudzidwa, kuphatikizapo tamabatani, ndipo litchule malo ndi dzina: Chilobwe, Manja, Ndirande, Bangwe, osangoti "madera ena akummwera". Linenenso sukulu kapena tchalitchi chothawirako, chifukwa kuuza munthu kuti asamuke osamuuza kopita n'kumungoopseza. Bungwe la MACRA, lomwe limapereka ziphaso kwa makampani a mafoni, liziwafunsa poyera kuti nsanja zawo zingakhale maola angati magetsi atazima, ndipo yankho lake tizilidziwa tonse mvula yoyamba ya Novembala isanagwe.