Makina Ayambe Afunsa Asanalembe Oda ya Mlimi

Alimi anzanga, masiku ano katundu atha kuitanitsidwa pa lamya ya m'manja, ngakhale ija ya mabatani. Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi ya manambala, yofanana ndi *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba, pomwe munthu amangosankha 1 kapena 2. Yachiwiri ndi yolemba uthenga, ndipo vuto lagona pamenepa.

Makina owerenga uthenga samva Chichewa. Amadula uthengawo pampata: liwu loyamba ndi dzina la katundu, nambala yotsatira ndi kuchuluka kwa matumba. Choncho UREA 2 ndiye kuti matumba awiri. Tsono tinene kuti mlimi wa ku Chinamwali akufuna thumba limodzi la makilogalamu 50, nalemba UREA 50. Makinawo alemba matumba 50! Wina akalemba "awiri" m'malo mwa 2, kapena chilembo O m'malo mwa 0, uthenga wake ukanidwa.

Ine ndikuti mlimi asadzudzulidwe pa zimenezi. Okonza makina awaphunzitse mawu monga limodzi, awiri ndi atatu. Koposa zonse, makinawo azibweza funso lotere: "Urea matumba 50. Yankhani 1 kuvomera, 2 kukana." Popanda yankho la 1, oda isalembedwe. Ena akuti funsoli lichulukitsa mauthenga olipira, koma mtengo wake sungafanane ndi wa matumba 49 osafunika.

Inu alimi, lembani nambala ya matumba, osati makilogalamu, ndipo musalipire musanawerenge yankho.