Malipiro anga amawalamula ndi Febuluwale

Mu Juni chaka chatha ndinkayenda ngati bwana muno mu Mtandire. Fodya anali akugulidwa ku Kanengo, kuzizira kunali kutafika, ndipo majuzi a kaunjika omwe ndimagulitsa ankatha ngati zitumbuwa. Mwezi umenewo ndinapeza phindu la K420,000. Ndinagula foni yatsopano, ndipo kunyumba nyama sinkasowa. Pofika Febuluwale ndinali pakhomo pa munthu wa katapila, kukongola K60,000 yoti ndidzabweze K90,000 pakutha pa mwezi. Munthu yemweyo, geni yomweyo.

Chomwe chinandipulumutsa ndi kope la K500. Ndinakhala pansi n'kulemba phindu la mwezi uliwonse kwa chaka chathunthu. Ndikuti phindu, anzanga, osati ndalama zonse zomwe zalowa m'thumba. Ukagulitsa za K700,000 koma belo unaoda K450,000, kuphatikiza minibasi ndi chiphaso cha pamsika, zako ndi zotsalazo basi. Ambirife timagwera pomwepa: timadya mpamba tikuganiza kuti tikudya phindu, ndipo timadzazindikira tsiku lokaoda, ndalama zitakwana theka la belo.

Nditawerengera, ndinapeza kuti ndikagawa mofanana phindu la chaka chonse, mwezi uliwonse ukubwera pa K280,000. Poyamba ndinasangalala, ndimvekere ndiye malipiro angatu amenewa. Koma ayi. Mwezi wotsikitsitsa, Febuluwale, unandipatsa K180,000 yokha, chifukwa nthawi imeneyo anthu amakhala akusaka ufa, osati malaya, komanso mvula imatibalalitsa pamsika. Ndikanazolowera moyo wa K280,000, mwezi umenewo ndikanaperewera K100,000, ndipo eni nyumba samva zoti mu Juni zinthu zidzayenda.

Choncho ndinatenga mwezi wovutawo kukhala muyezo. Sindinatenge mwezi womwe ndinagona m'chipatala osagulitsa kanthu, chifukwa imeneyo ndi ngozi. Ndinatenga mwezi woipa koma wa nthawi zonse, womwe ndikudziwa kuti chaka chilichonse udzabweranso. Moyo wapanyumba ndinaupanikiza kuti ukwane mu K180,000: lendi K45,000, chakudya K80,000, makala ndi madzi a pakiyosiki K25,000, maulendo apanyumba K15,000, za kusukulu za mwana K10,000, mayunitsi a foni K5,000.

Popeza ndalama za geni zimabwera tsiku ndi tsiku, K180,000 ndinaigawa pa masiku 30. Ndimadzilipira K6,000 patsiku, ndipo K1,500 mwa imeneyo imalowa m'chitini cha lendi ndisanagule ngakhale tomato. Tsiku lomwe ndapeza phindu la K15,000, ndimatengabe K6,000 yomweyo. Yotsalayo ndimaiika ku Airtel Money, pa nambala ina yomwe sindiyenda nayo. Imeneyo ndiyo nkhokwe yanga. Tsiku lomwe mvula yagwa kuyambira m'mawa, nkhokwe ndi yomwe imandilipira. Kungoti kutapa pafupipafupi kumadya ndalama chifukwa amadula nthawi iliyonse, ndiye ndimatapa kamodzi pasabata.

Nkhokwe ikafika pa K360,000, yomwe ndi miyezi iwiri ya muyezo, m'pamene ndimalola zoposerapo kupita kwina: kuwonjezera belo, masheya a banki m'khonde, kapena nsapato zomwe ndakhala ndikuzisirira. Banki m'khonde ndi yabwino, koma musaiyese nkhokwe, chifukwa ndalama zake simungazitenge tsiku lomwe mwafuna.

Mchimwene wanga wina, yemwe amagwira maganyu omanga ku Area 47, anandiseka. "Mlongo, inu muli ndi mwayi. Ine Febuluwale wanga ndi K90,000, pomwe nyumba imafuna K150,000." Anali ndi mfundo. Mwezi wotsikitsitsa ukalephera kukwanira zofunika zenizeni, muyezo umakhala zofunikazo, ndipo kusiyanako kumasanduka ngongole yomwe miyezi yabwino iyenera kulipiriratu. Iye amaperewera K60,000 kwa miyezi itatu ya dzinja, pamene zomangamanga zimachepa. Ndiye kuti pakati pa Meyi ndi Okutobala ayenera kupatula K30,000 mwezi uliwonse kuti K180,000 ikwane mvula isanagwe.

Muyezowu umakalambanso. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inasintha pafupifupi sabata iliyonse, ndipo kuyambira pamenepo palibe bajeti yomwe imakhala chaka osaigwira. Ine ndimaunikanso yanga teremu iliyonse sukulu zikamatsegulira. Chizindikiro choti zinthu zasokonekera n'chosavuta kuona: ndikatapa m'nkhokwe miyezi itatu yotsatizana kunja kwa dzinja, ndiye kuti geni yatsika kapena K6,000 ija siikugulanso zomwe inkagula.

Chomwe chikundivutabe ndi abale. Foni ikalira kuchokera kumudzi kuti kuli maliro kapena feteleza wavuta, nkhokwe ija siioneka ngati malipiro a Febuluwale, imaoneka ngati ndalama zongokhala. Panopa ndayamba kupatula K500 patsiku m'chitini chachitatu. Mwezi watha azakhali anapempha K40,000, m'chitinimo munali K22,000, ndipo ndinatumiza yomweyo. Mpaka lero sanandiyankhe uthenga.