Mawu akuti "zachilengedwe" sateteza impso kapena chiwindi

M'minibasi, m'misika ngakhale pa zipata za zipatala mukuyenda timabotolo ndi timapaketi tambiri masiku ano: ufa wa chammwamba, makapisozi a tiyi wobiriwira, madzi a aloe vera, zochepetsa thupi, zotsuka magazi. Wogulitsa akafuna kukuchotsani mantha amangoti, "Izi n'zachilengedwe, zilibe vuto." Amene amamvetsera kwambiri mawu amenewa ndi munthu amene wauzidwa kuti impso zake zafooka kapena chiwindi chake chatupa, chifukwa watopa ndi mapiritsi ndipo akufuna chomuthandiza msanga. Koma iyeyo ndiye ali pa chiopsezo kuposa aliyense m'minibasimo.

Ife Amalawi timadziwa kale kuti chomera chikhoza kupha. Chinangwa chowawa chimamera m'munda mwathu momwemo, koma kunyanja palibe mayi amene angaphike kondowole asanachiviike masiku angapo. Poizoni wake ndi wachilengedwe ndithu. Thupi silifunsa kuti chinthu chachokera kumunda kapena kufakitale. Chilichonse chimene tameza chimadutsa m'chiwindi, chimene chimachisintha kuti chithe kutuluka, ndipo zotsala zambiri zimasefedwa ndi impso n'kutuluka mu mkodzo. Ziwalo ziwirizi zikafooka, mlingo umene munthu wabwinobwino amautaya mosavuta umaunjikana m'magazi a wodwalayo.

Tiyerekeze mayi wa zaka 55 amene wakhala ndi shuga ndi bipi kwa nthawi yaitali. Kuchipatala ayeza magazi ake n'kupeza kuti impso zikugwira ntchito yosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu zake. Ampatsa enalapulilu, mankhwala abwino otsitsa bipi ndi kuteteza impso, koma amene amachititsa thupi kusunga mchere wa potaziyamu. Mwa munthu wathanzi potaziyamu m'magazi amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0, ndipo ndi impso zimene zimataya wopitirira. Mayiyu ali kale pa 5.2, ndiye anamwino amuuza kuti achepetse nthochi, mapeyala, tomato ndi mbatata, ndiponso kuti ndiwo zamasamba aziziwiritsa n'kutaya madzi ake.

Kenaka mnzake wa kumpingo, mwachifundo chenicheni, amubweretsera ufa wa masamba ouma kuti azithira supuni ziwiri m'phala m'mawa ndi madzulo. Amugulirakonso mchere wina wa m'sitolo umene amati ndi wa anthu a bipi. Palibe amene walakwa dala apa. Koma kuyanika masamba kumachotsa madzi okha, potaziyamu amatsala momwemo, kotero supuni imodzi ya ufa imanyamula masamba ambiri kuposa mmene diso likuonera. Mchere uja nawonso, mbali ina ya sodiyamu anaichotsa n'kuikamo potaziyamu. Pakatha masabata angapo potaziyamu wa m'magazi mwake akhoza kupitirira 6, ndipo pamenepo mtima ukhoza kuyamba kugunda mosalongosoka, mwinanso kuima kumene. Chondiopsa ine n'chakuti nthawi zambiri palibe chizindikiro chomveka. Mwina miyendo imangolemera, mwina manja amachita dzanzi, mwina palibe chilichonse. Njira yodziwira ndi kuyeza magazi basi.

Vuto lina ndi lakuti chimene chalembedwa pa botolo sichikhala nthawi zonse chimene chili m'kati. Ku Brussels, m'dziko la Belgium, chipatala china chochepetsa thupi chidasintha mankhwala ake mu 1990 n'kuyamba kuphatikizamo zitsamba zochokera ku China. Chitsamba chimene adaitanitsa chinali Stephania tetrandra, koma m'malo mwake mudalowa china, Aristolochia fangchi, chifukwa maina ake m'Chitchaina ndi ofanana. Chachiwirichi chili ndi asidi amene amaononga timachubu ta m'impso mpaka impsoyo kufota. Madokotala adalemba za amayi oyamba mu 1993, ndipo pambuyo pake odwala adapitirira 100. Ambiri adafika pofunika makina osefa magazi kapena impso ya munthu wina. Mu 2000 kudatuluka lipoti lakuti mwa odwala 39 amene adachitidwa opaleshoni yochotsa impso zoonongekazo, 18 adapezeka ndi khansa ya njira ya mkodzo.

Amayi amenewa adayamba ali ndi impso zabwino. Anali m'dziko lolemera, mankhwalawo adalandira kwa madokotala, ndipo ufa wa muzu wina sumasiyana ndi wa muzu unzake ukaikidwa m'kapisozi. Nanga ufa wa m'pepala lopanda dzina umene wagulidwa pa depoti, ndani angalumbire kuti akudziwa zili m'katimo?

Nkhani ya chiwindi ikukhudza kwambiri mlingo. Tiyi wobiriwira womwa m'kapu alibe mbiri yoipa. Koma makampani amatenga chinthu chimodzi cha m'tiyimo, chotchedwa EGCG, n'kuchipanikiza m'makapisozi ochepetsa thupi. Mu 2018 bungwe loona za chitetezo cha zakudya la maiko a ku Ulaya lidanena kuti womwa tiyi wamba amalandira pafupifupi mamiligalamu 90 mpaka 300 pa tsiku, pamene makapisozi opereka mamiligalamu 800 kapena kuposerapo pa tsiku amaonetsa zizindikiro za kuvulala kwa chiwindi m'magazi. Tsamba ndi lomwelo, chasintha ndi kuchuluka kwake. Munthu wa chiwindi chabwino akasiya kumwa, kawirikawiri amachira. Koma amene ali ndi kachirombo ka hepataitisi B, amene chiwindi chake chidauma ndi mowa, kapena amene akumwa mankhwala a TB omwe amalemetsa kale chiwindi, alibe mphamvu yapadera yoti apirire nayo chivulazo chachiwiri. Maso akayamba chikasu, mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, thupi likamayabwa, chilakolako cha chakudya chikatha, kapena munthu akayamba kusokonezeka mutu ndi kugona masana, asiye zonse zoonjezera tsiku lomwelo ndipo apite kuchipatala. Ndikutsindika zimenezi chifukwa ogulitsa ena amati kudwala koteroko ndi umboni wakuti "poizoni akutuluka", ndiye pitirizani kumwa. Limeneli ndi bodza lopha anthu.

Sindikunyoza zitsamba. Mankhwala a malungo amene timadalira, a LA, mbali yake imodzi idachokera ku chomera. Kusiyana kwake n'kwakuti adayezedwa, mlingo wake ukudziwika, ndipo dokotala akudziwa woyenera kumupatsa ndi wosayenera. Chimene ndikukana ndi kutenga mawu amodzi a wogulitsa ngati chilolezo, m'dziko limene makina osefa magazi m'zipatala za boma ndi ochepa ndipo odwala ambiri amawatsatira ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Wa ku Chitipa kapena ku Nsanje impso zikamuthera, ulendo wake ndi wowawa.

Odwala ambiri sauza adokotala zimene akumwa kunyumba poopa kukalipiridwa, ndipo azachipatala amene amakalipa akuthandizira kubisako. Inu azachipatala, funsani modekha, muuzidwa zoona. Inunso amene mukudwala impso kapena chiwindi, kapena mukusamalira kholo lodwala, tsiku lanu la kuchipatala likafika nyamulani botolo lililonse, paketi iliyonse ndi muzu uliwonse umene uli m'nyumba, mukaziike patebulo pa adokotala musanamwenso.