Cimbuya cilibe pasipoti

Pa gulu lililonse la WhatsApp la kunchito pali munthu mmodzi amene amaona tsiku lobadwa la mnzake monga siteji yake. Ena akalemba mau awili atatu na kacithunzi ka keke, iye amabwela na ndime yathunthu: wakalamba, mano atsala angati, mimba yakula, ukwatila liti. Tikakhala tekha-tekha timaseka, ndipo nthawi zambili palibe vuto. Koma maofesi a mu Lusaka na ku Kopala lomba ali na Machaina, Amwenye, a ku South Africa, a ku Congo, azungu a m'mabungwe. Munthu uja sasintha giya. Amatenga nthabwala imodzimodzi, aiika m'Cizungu, aitumiza kwa mlendo pamaso pa anthu 40, ndipo zikavuta amati, "Ni nthabwala cabe, aphunzile cikhalidwe cathu." Ine nikana. Cikhalidwe cathuco ndico cikumutsutsa.

Tiyambile pa cimbuya, pakuti ndiye pamene ambili amathawila. Wakum'mawa angauze Mubemba kuti adya kolwe pa tsiku lake lobadwa, Mubemba n'kubweza kuti iwe bwelela ku Chipata ukakumbe mbewa, onse n'kufa nazo nseko. Izi zimatheka cifukwa pali cilolezo. Angoni na Abemba anamenyana nkhondo m'zaka za m'ma 1800, ndipo cidani cija cinasanduka ubale wotonzana umene tinaupeza. Atonga na Alozi ali na cawo. Ngakhale pamalilo, ambuya ako angakuthile unga kumutu n'kuseka womwalilayo, koma ni iwo omwe adzagwila nchito pamalilopo. Cinthu cacikulu pa cimbuya n'cakuti onse awili adziŵa malamulo, ndipo wonyozedwa ali na ufulu wonse wobweza. Mtonga sangangoyamba kuuza Mubemba za kolwe monga mmene Mngoni acitila. Ngati cilolezo cimeneci sicifika ngakhale ku Choma, cidzafika bwanji ku Shanghai?

Manje ganizani za kolwe ameneyu akaloŵa pa gulu la kunchito. Mnyamata wa ku Katete alembela mnzake wa ku Kasama uthenga wa tsiku lobadwa, aikapo na kacithunzi ka nyani. Aŵiliwa amvana. Koma pa gulupo pali mayi wakuda wa ku Durban. Kwawo, mu 2016, mzungu wina dzina lake Penny Sparrow analemba pa Facebook kuchula anthu akuda amene anali kugombe la nyanja kuti ni anyani, ndipo khoti inam'lipilitsa R150,000. Mayiyu akaona nyani pafupi na dzina la munthu wakuda, saona cimbuya. Coipa kwambili cimabwela caka cotsatila, pamene mzungu wa mu ofesi, pofuna kuonetsa kuti wazoloŵela Zambia, atumiza nyani yemweyo kwa Mubemba yemweyo. Anaphunzila kwa ndani? Kwa inu. Wina ajambula sikilini, ndipo mawa nkhani ili pa Facebook popanda wofotokoza za Mpezeni na Citimukulu.

Nthabwala zina zimafa pa kumasulila cabe. "Mwanenepa!" kwa ife ni mau abwino: zinthu zikuyenda, kunyumba akusungani bwino, simudwala. Tikauza munthu pa tsiku lake lobadwa, timakhala tikum'tamanda uku tikum'seka pang'ono. Mukawaika m'Cizungu n'kutumiza kwa mtsikana wa ku Britain kapena ku America, kutamanda konse kumatsala pa malile, cimene cimafika ni cipongwe ca thupi lake, colembedwa, pamaso pa abwana ake. N'cimodzimodzi na "mudala". Kwa ife muli ulemu mkati mwake. M'Cizungu mumangotsala mdala wokalamba.

Tiyeni titenge uthenga umodzi tiuyang'ane bwino-bwino. Tiyelekeze kuti mumaseŵenza pa kampani yomanga, ndipo injiniya wa ku China akwanitsa zaka 40. Ni munthu wabwino, amadya namwe nsima, koma amacedwa ku miting'i ya m'maŵa. Katswili wathu wa nthabwala alemba m'Cizungu mau otanthauza kuti: "Mudala, watsala pang'ono kufika kumanda! Tasonkha ndalama, tikugulila nkoloko ya pacipupa kuti uleke kucedwa." Pothela aika tuzithunzi tutatu twa cigaza ca munthu wakufa, cifukwa kwa ife acinyamata cigaza citanthauza kuti nafa nayo nseko.

Mu mizele iŵili imeneyi munthuyu walodza mnzake katatu osadziŵa. Kuchula imfa pa tsiku lobadwa ni cinthu cimene Machaina ambili amapewa, pakuti kwawo tsikuli ni lofunila munthu moyo wautali. N'cifukwa cake amadya zakudya zina zazitali ngati zingwe zimene sazidula, kuimila zaka zambili. Nkhani ya nkoloko ndiye yoopsa. Mu Cichaina, mau akuti "kupatsa munthu nkoloko" amamveka cimodzimodzi na mau akuti "kupelekeza munthu pa imfa yake", ndiye nkoloko ni mphatso imene sapatsana. Ndipo cigaza cija, kwa munthu wa zaka 40 amene sakhala pa TikTok, ni cigaza basi. Iye aŵelenga manda, malilo na mutu wa mtembo, pansi pa dzina lake, pa tsiku lake.

Palinso cacinai cimene sicifuna kudziŵa Cichaina. Nkhani ya kucedwa ni dandaulo la kunchito limene lavala covala ca nthabwala, ndipo lanenedwa pagulu pomwe pali akulu-akulu a kampani. Kunyazitsa munthu pamaso pa anzake ni nkhani yaikulu ku China, koma ngakhale kuno ndani angakonde? Ngati kucedwa kwake kukuvutani, muuzeni pa Ciŵili muli aŵili. Osadikila keke.

Mudzadziŵa bwanji kuti zalakwika? Sadzakalipa. Anthu amene ali kudziko la eni kaŵili-kaŵili sakalipa pagulu. Adzayankha ena onse na mau angapo, inu n'kukupatsani cala cimodzi cokweza, kapena kukudumphani. Anzake a kwawo amene ali pa gulupo adzakhala zii. Ndipo akakutumizilani kankhope komwetulila pang'ono kaja, musathamangile kukondwela: pakati pa acinyamata a ku China, kankhope kameneko kaŵili-kaŵili kamatanthauza kunyansidwa, osati cimwemwe. Cizindikilo cacikulu n'cakuti sabweza. Pa cimbuya ceniceni wonyozedwa amabwela na yake yoŵaŵa kuposa yanu. Munthu akalandila cabe osabweza, simunali kuseŵela naye, munali kum'seŵeletsa.

Nidziŵa zimene ena adzanena. "Ali ku Zambia, azoloŵele. Ife tikapita kwawo timatsatila zawo." Pali zoona pang'ono. Mlendo afunika kuphunzila kupeleka moni asanayambe nkhani, kulandila cinthu na manja aŵili, kupita kumalilo a mnzake wa kunchito. Zimenezi tim'phunzitse ndithu, ndipo amene amakana kuziphunzila nayenso ni wamwano. Koma kunyozedwa si mwambo umene mlendo amaukakamizidwa. Ngakhale pakati pathu, mkamwini watsopano sitim'yamba na matonzo tsiku loyamba. Timaona kaye mtima wake. Cina, tsiku lobadwa ni lake. Uthenga ni mphatso, ndipo mphatso imapimidwa pa wolandila. Simugulila munthu nsapato ya saizi yanu n'kumuuza kuti phazi lake lizoloŵele.

Ena amati popanda nthabwala uthenga umakhala wouma monga wa ku banki. Amenewa ni aulesi cabe. Nthabwala imene imayenda bwino ilipo, koma ifuna kuti mum'dziŵe munthuyo. Ni ija yocokela pa cinthu cimene munaonela limodzi ndipo iye mwini anaseka poyamba, kapena ija imene wosekedwa ndimwe. Kwa injiniya uja mungalembe kuti: "Tsiku labwino lobadwa! Tikufunilani moyo wautali na thanzi. Caka cino mwaphunzila kudya nsima na manja kuposa ine amene n'nabadwila pa nsima, ndiye lelo masana ifisashi ni yanga, nilipila." Muli kuseka mmenemo, muli nkhani ya inu aŵili, ndipo ngati wina atsika pansi ni wolembayo. Mungaumasulile m'Cichaina, m'Cifulenchi olo m'Cihindi, palibe cimene cidzasweka, cifukwa nseko yake siidalila kaseŵeledwe ka mau kapena mbili ya mitundu.

Apa ndiye pali muyeso umene ungakuthandizeni musanatinike batani. Fotokozani nthabwala yanu m'mau wamba, monga mmene makina omasulila a pa foni yake adzaipelekela, pakuti ambili amene Cizungu si cawo amacita zimenezo. "Mwanenepa" idzatuluka kuti thupi lako lakula. Ya kolwe idzatuluka kuti mtundu wako umadya anyani. Ya kumanda idzatuluka kuti ufa posacedwa. Ngati cotsalaco simungaciuze munthuyo maso na maso abwana ali pomwepo, cotsani. Pamaso pali liu, pali kumwetulila, pali kugwilana paphewa, ndipo mukaona nkhope yasintha mungabweze mau. Pa foni zonsezo kulibe, ndipo colembedwa cimakhala.

Nthawi zina vuto silikhala nthabwala, koma uthenga weniweniwo. Ku Germany ambili amakhulupilila kuti kufunila munthu zabwino tsiku lake lisanafike kumabweletsa tsoka, ndiye cizoloŵezi cathu cakuti "nikufunile lelo cifukwa mawa ni Ciŵelu" cisiyeni, mudzam'lembela pa Mande. Ndipo musaganize kuti wa cikhalidwe cina ni wocokela kunja cabe. A Mboni za Yehova, amene ni ambili muno m'Zambia, sakondwelela masiku obadwa. Kuika dzina la mnzanu wa Mboni pa gulu na kumuseka kuti "lelo udya keke olo ukane" si kucenjela, ni kum'panikiza kuti asankhe pakati pa cikhulupililo cake na kuoneka wamwano.

Amene mumasunga mndandanda wa masiku obadwa mu ofesi, nchito yanu ni yaing'ono. Munthu watsopano akabwela, m'funseni pambali ngati afuna kuti tsiku lake lilengezedwe pa gulu, ndipo ngati avomela, ngati afuna kuti zaka zake zichulidwe. Mukafuna kusonkha za mphatso, funsani mnzake wa kwawo ngati cinthuco cili bwino musanapite kukagula ku Kamwala. Ndipo inu a Katete na a Kasama, pitilizani kudyetsana mbewa na kolwe mmene mufunila, koma tsegulani gulu lanu.